Malangizo: Munthu Wachikulire Akayamba Kuvutika Kumeza Chakudya Cholimba

Kuvutika kumeza sikubwera chifukwa cha ukalamba wokha. Munthu wachikulire amene chakudya chayamba kumuima pakhosi kapena pachifuwa ayenera kupita kukiliniki sabata yomweyo, ngakhale kuti sakumva kupweteka kulikonse.

Mawu akuti m'mero afunika kuwamasulira, chifukwa m'Chinyanja timawagwiritsa ntchito pa khosi lonse. M'malangizo ano tikunena njira ya chakudya, imene ili kumbuyo kwa njira ya mpweya, ndipo imatsika masentimita pafupifupi 25 kudutsa m'chifuwa mpaka kukafika m'mimba. Njirayi ikachepa, wodwala amatafuna bwino ndi kumeza, koma mbamu ya nsima imakaima panjira, ndipo nthawi zambiri amaloza pafupa lapakati pa chifuwa n'kunena kuti "yaima apa". Zimenezi n'zosiyana ndi kutsamwa, pamene munthu amatsokomola atangoyamba kumeza, makamaka madzi, kapena zakumwa zimatulukira m'mphuno. Kutsamwa kotere kumachokera kawirikawiri ku matenda a mitsempha monga sitiroko. Muuzeni dokotala kuti mwa ziwirizi mukuona chiti.

Chimene chimadetsa nkhawa kwambiri ndi vuto lokula pang'onopang'ono, kuyambira pa zolimba kupita ku zofewa. Tiyerekeze bambo wa zaka 68 amene mu Marichi anasiya nyama ndi chimanga chootcha, akunena kuti mano atha. Pofika mu Meyi ankatema mbamu zazing'ono, kuziviika kwambiri mu delele ndi kumwera madzi mbamu iliyonse, ndipo ankatsala yekha pambale anzake atasamba kale m'manja. Mu Julayi anali pa phala ndi maheu basi, lamba ataboolanso mabowo awiri. A m'banja mwake ankaona ngati zinthu zili bwino popeza phalalo linkadutsa, pamene kwenikweni iwo ndi amene ankafewetsa chakudya kutsatira njira imene inkachepa. Apa m'pamene mabanja ambiri amatayira miyezi. Ulendo wa kukiliniki unayenera kuchitika mu Marichi.

Kayendedwe kotere, pamodzi ndi kuonda, ndi kamene khansa ya kum'mero imadziwika nako. Khansayi ndi yofala m'maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Zambia, ndipo chiopsezo chimakula mwa osuta fodya, omwa mowa kwambiri monga kachasu, ndi ozolowera tiyi wotentha kwambiri. Komabe si aliyense wovutika kumeza amene ali ndi khansa. Njirayi imathanso kuchepa chifukwa cha chipsera chobwera ndi kutentha pamtima kwa zaka zambiri, ndiponso mafangasi amachititsa kuti kumeza kuzipweteka, makamaka mwa amene ali ndi HIV kapena shuga. Matendawa amachizika, koma palibe amene angawasiyanitse ndi khansa poyang'ana m'kamwa ndi tochi.

Musadikire kuti kuche ngati wodwala akulephera kumeza ngakhale malovu, ngati chakudya chakhazikika ndipo sichikutsika, ngati akusanza magazi kapena chimbudzi chake chada bii ngati phula la pamsewu, ngati akupuma movutika, kapena ngati vutolo layamba mwadzidzidzi limodzi ndi kupotoka kwa pakamwa kapena kufooka kwa dzanja. Zikatero pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo musamukakamize kukankhira chakudyacho ndi nthochi kapena nsima ina.

Kukiliniki fotokozani mwezi umene vuto linayamba, zakudya zimene zinayamba kukana, ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, kenako funsani za kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Kupima kofunika kumatchedwa endosikopi: dokotala amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa, atapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, ndipo akaona malo okayikitsa amatapa kanyama kakang'ono kokapima. Kutapa kumeneku sikufalitsa khansa, monga ena amaopera. Wodwala amauzidwa kuti asadye kwa maola osachepera 6 asanapimidwe. Kumene kulibe makinawa angayambe ndi ekiselo yojambulidwa munthu akumwa mankhwala oyera otchedwa bariyamu. Ku Lusaka endosikopi imachitika ku University Teaching Hospital, ndipo opezeka ndi khansa amathandizidwa ku Cancer Diseases Hospital.

Mankhwala ochepetsa asidi wa m'mimba, monga omeprazo, angaziziritse pamtima, koma sakulowa m'malo mwa kupimidwa. Ngati mwapatsidwa mapiritsi okha ndipo kumeza sikunasinthe pakatha masabata awiri, bwererani mukafotokozenso.

Poyembekezera tsiku lopimidwa, wodwala azidya pang'ono kangapo patsiku, phala lothira nsinjiro, mkaka kapena dzira, atakhala tsonga, ndipo asagone kwa theka la ola akatha kudya. Mapiritsi akamakana kutsika, musawaphwanye musanafunse namwino kapena wa kufamase, pakuti ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Ngati pali sikelo pafupi, lembani kulemera kwake sabata iliyonse ndipo mutenge pepalalo popita kwa dokotala.