Funso likalowa m'funso linzake: chifukwa chake timati "Do you know where he lives?"

Munthu amene akukhala kudziko la eni sangathe tsiku osafunsa. Amafunsa pa siteshoni, kuntchito, kuchipatala, kwa mwini nyumba, ndipo nthawi zambiri amene akufunsidwayo ndi munthu wosamudziwa. Posakhalitsa amazindikira kuti funso lolunjika ngati "Where is the office?" limamveka louma, choncho amayamba kulitsogoza ndi "Can you tell me" kapena "Do you know" kuti limveke laulemu. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma ambiri amangomata mawu aulemuwo kutsogolo n'kulisiya funso lija mmene linalili, n'kunena kuti "Can you tell me where is the office?" Cholondola n'chakuti "Can you tell me where the office is?" Kamneni "is" kachoka pakati n'kupita kumapeto, ndipo mukamvetsa chifukwa chake simudzavutikanso kuloweza ziganizo chimodzichimodzi.

M'Chingerezi, funso lolunjika limadziwika ndi kusinthana malo kwa mawu awiri. Ponena chabe timati "The office is upstairs", mwininkhani patsogolo, mneni pambuyo. Pofunsa, mneni amadumpha mwininkhani: "Where is the office?" Kusinthana kumeneku kumachitika kamodzi kokha m'chiganizo. Mukayamba ndi "Can you tell me" ndiye kuti mwafunsa kale, popeza "can" wadumpha "you". Zotsatirazo si funsonso, koma chinthu chimene mukufuna kuuzidwa, choncho mawu ake amandandalikidwa ngati mukungonena: mawu ofunsira, kenaka mwininkhani, kenaka mneni.

Ife a Chichewa tili ndi mwayi apa umene ambiri sauona. Timati "Amakhala kuti?" koma tikamafunsa mozungulira timati "Kodi mukudziwa kumene amakhala?" Timati "Abwera liti?" koma "Mundiuze nthawi imene abwere." Palibe amene anatiphunzitsa zimenezi m'kalasi, komabe timadziwa kuti funso likalowa m'kati mwa chiganizo china limasintha maonekedwe. Ndiye poyankhula Chingerezi, muziona "where" wa pakati pa chiganizo ngati "kumene", osati ngati "kuti" wofunsira. "Kumene amakhala" ndi "where he lives". Mukaganiza motero lilime silikukokerani ku "where does he live".

Pa "does" pamenepa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, chifukwa kusuntha "is" n'kosavuta. M'funso lakuti "Where does he live?" mawu akuti "does" sakutanthauza kuchita kalikonse. Anabwera kuti pakhale mneni wodumpha mwininkhani, ndipo atabwera anatenga "s" wa pa "lives" n'kumunyamula yekha. Funso likalowa m'kati, kudumpha kulibenso, "does" alibe ntchito ndipo amachoka. Koma pochoka ayenera kubweza zimene ananyamula. N'chifukwa chake timati "where he lives", osati "where he live". Anthu ambiri amene aphunzira kuchotsa "does" amagwa pa "s" ameneyu.

Ndi "did" nkhani ndi yomweyo, kungoti chimene amabweza ndi nthawi yakale. "When did she call?" amakhala "Do you know when she called?" Pa aneni amene amasinthiratu maonekedwe m'nthawi yakale muyenera kusamala kwambiri: "Where did he go?" amakhala "Do you know where he went?", ndipo "What did they say?" amakhala "Can you tell me what they said?" Mukangochotsa "did" n'kusiya "go" kapena "say", womvera sadziwa ngati mukufunsa za dzulo kapena za masiku onse, ndipo apa kulakwitsa kwayamba kusokoneza tanthauzo, osati kukongola kwa chiyankhulo kokha.

Lamulo lochotsali lili ndi malire ake. Ngati funso ndi lokana, "don't", "doesn't" ndi "didn't" sachoka, chifukwa ndi amene anyamula kukanako. Amangobwerera kumbuyo kwa mwininkhani. "Why didn't they pay me?" amakhala "Do you know why they didn't pay me?"

Tiyeni titenge nkhani imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito yosinthana nthawi, ndipo mwapeza kuti ndondomeko ya sabata yamawa yasinthidwa musanauzidwe. Mukufuna kulembera bwana wanu uthenga, ndipo m'mutu muli mafunso anayi: "When does my shift start on Monday?", "Why did the schedule change?", "Who changed it?" ndi "Is Saturday paid as overtime?" Mukawatumiza motero, anayi motsatizana, bwana awawerenga ngati mukumuzenga mlandu, pamene inu mumangofuna kudziwa.

Loyamba lili ndi "does". Chotsani, bwezani "s" pa "start", ndipo mupeza "Could you tell me when my shift starts on Monday?" Lachiwiri lili ndi "did". Chotsani, bwezani nthawi yakale pa "change", ndipo likhala "I would like to know why the schedule changed." Onani kuti ili latha ndi mpumiro, osati chizindikiro cha funso. Chizindikiro chimatsatira mawu otsogolera aja, osati za m'katimo. "Could you tell me" ndi funso, koma "I would like to know", "I wonder" ndi "Please let me know" ndi kunena chabe. Pa zolembalemba za kuntchito zimenezi zimaoneka msanga.

Lachitatu, "Who changed it?", musalikhudze n'komwe. Apa "who" ndiye mwininkhani, wayamba kale ndipo mneni akumutsatira, choncho panalibe kudumpha kulikonse koti mubweze. Mungoti "Do you know who changed it?" Chimodzimodzi "What happened?" amangokhala "Can you tell me what happened?" Koma samalani ndi "who" amene sali mwininkhani. Mu "Who should I call?" woimbayo ndi inu, ndipo "should" wakudumphani, ndiye likalowa m'kati likhala "Do you know who I should call?"

Lachinayi ndi la mtundu wina, loyankhidwa ndi inde kapena ayi, ndipo lilibe mawu ofunsira oti mulumikizire. Pa Chichewa timaika "ngati": "Ndifuna kudziwa ngati Loweruka amalipira mowonjezera." Chingerezi chimaika "if" kapena "whether" pamalo omwewo, kenaka mawu n'kutsatana ngati mukungonena: "Please let me know if Saturday is paid as overtime." Onse awiri ndi olondola apa, ngakhale "whether" amamveka wa mu ofesi pang'ono. Pali malo ena pamene "if" saloledwa: kutsogolo kwa "to", monga mu "I don't know whether to wait", ndiponso pambuyo pa mawu ngati "about", monga mu "I asked about whether the form had arrived."

Kodi mungadziwe bwanji kuti mwalondola musanatumize? Njira imene ndimaikhulupirira ndi yodziyankha nokha. Nenani yankho longopeka mwa chiganizo chathunthu: "My shift starts at seven." Mawu atatu oyambirirawo, "my shift starts", ndi omwewo amene ayenera kutsatira "when", osasintha chilembo ndi chimodzi chomwe. Yankho la "Where did he go?" ndi "He went home", choncho pambuyo pa "where" pabwere "he went". Njirayi imakupatsani zonse nthawi imodzi, ndondomeko ya mawu, "s" uja ndi nthawi yakale. Ngati zimene mwalemba pambuyo pa "where", "when" kapena "if" sizingathe kuyamba yankho, pali chimene chatsalira.

Poyankhula, chimene chimavuta kwambiri ndi mwininkhani wautali. "Do you know where it is?" satenga nthawi kuzolowereka, koma mu "Can you tell me where the nearest bus stop for the hospital is?" kamneni "is" kamadikira patali kwambiri moti pakamwa pamafuna kukatulutsa msanga. Kasungeni mpaka mwamaliza kutchula chinthu chonsecho. Ndipo kakafika kumapeto sikafupikitsidwa: timati "where it is", osati "where it's".

Pali aneni ena amene satsatira njira ya "know" ndi "tell", ndipo mmodzi mwa iwo ndi "think". Sitinena kuti "Do you think where he lives?" Mawu ofunsira amapita kutsogolo kwenikweni: "Where do you think he lives?" Chifukwa chake n'chakuti "Do you know where he lives?" angayankhidwe ndi inde kapena ayi, pamene funso la "think" likufuna malo enieniwo. Taonani kuti ngakhale apa mathero ake ndi "he lives", osati "does he live".

Mwina mwamvapo eni chiyankhulo akunena ngati "I asked him was he coming", ndipo mukudabwa ngati lamuloli ndi loonadi. Makutu anu sanakunamizeni. M'Chingerezi choyankhulidwa ku Ireland, komanso m'mayankhulidwe ena a ku America ndi ku India, kudumpha kwa mneni kumamveka m'kati mwa funso lozungulira, ndipo kwa iwo ndi mmene amayankhulira. Nanunso mukati "Can you tell me where is the office?" munthu akulozerani ofesiyo osadandaula. Koma m'kalata yofunsira ntchito, mu uthenga wopita kwa bwana kapena kwa mwini nyumba, ndiponso pa mayeso a Chingerezi monga IELTS, chimene amayembekezera ndi Chingerezi chovomerezeka, ndipo kumeneko "where is the office" pambuyo pa "tell me" amawerengedwa kuti ndi cholakwika.

Mukapanikizika, mwachitsanzo pafoni pamene winayo akuyankhula mothamanga, pali njira ziwiri zachidule zimene zili zolondola ndithu. Yoyamba ndi kuika "to" pambuyo pa mawu ofunsira ngati wochitayo ndi inu: "Can you tell me where to sign?" kapena "Could you show me how to fill in this form?" Apa palibe mneni wosuntha kapena "s" wobweza, kungoti njirayi siyenda ndi "why". Yachiwiri ndi kulekanitsa ulemu ndi funso: nenani "Excuse me", pumani pang'ono, kenaka funsani molunjika kuti "Where is the office?" Popeza "Excuse me" si mawu olowetsa funso m'kati, funso lanu limakhala loima palokha ndipo "is" amakhala pamalo pake, patsogolo pa "the office".