Kalata ya SARS yafika yoti simunaulule ndalama za lendi: muchite izi

Ambiri a ife kuno ku Joni tikagula nyumba ku Turffontein kapena ku Rosettenville timaikamo munthu m'kanyumba ka kuseri kuti lendi izithandiza kulipira bondi. Timangoti ndi ndalama yapambali. Kwa SARS, bungwe lotolera misonkho, imeneyo ndi ndalama yolowa ngati malipiro, ndipo mabanki amapereka malipoti kubungweli.

Kalata ikafika, yambani mwatsimikiza kuti ndi yeniyeni. Musadine linki ya mu SMS kapena mu imelo. Lowani nokha pa eFiling, tsamba la SARS la pa intaneti, mukaifune pa SARS Correspondence. Ngati kulibe, imbani 0800 00 7277 musanatumizire munthu aliyense ndalama.

Mukaipeza, onani zaka za msonkho zomwe yatchula ndi tsiku lomaliza kuyankha, lomwe nthawi zambiri limakhala masiku 21 ogwira ntchito. Chaka cha msonkho chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, ndiye chaka cha 2025 chinayamba mu Malichi 2024. Apa ambiri amasokoneza n'kutumiza masitetimenti a miyezi yolakwika.

Kenako khalani pansi ndi pangano la lendi, masitetimenti a kubanki, a bondi, mabilu a khonsolo ndi malisiti. Msonkho sudulidwa pa lendi yonse ayi, umadulidwa pa phindu lotsala mukachotsa zomwe munawononga.

Tiyerekeze bambo wina wa pantchito amene amalandira R4 500 pamwezi pa kanyumba kake. Pachaka ndi R54 000. Nyumba yaikulu ndi masikweya mita 120, kanyumbako 30, zonse pamodzi 150, choncho gawo la lendi ndi 20 peresenti. Zolipira za pamalo ponse amachotsa pa mlingo umenewo basi. Chiwongoladzanja cha bondi chinali R60 000, achotsa R12 000. Msonkho wa malo wa kukhonsolo unali R10 000, achotsa R2 000. Inshuwalansi ya nyumba R5 000, achotsa R1 000. Giza ya m'kanyumbamo inawonongeka n'kukonzetsa ndi R4 000. Imeneyi achotsa yonse chifukwa ndi ya wa lendi yekha. Zochotsa zakwana R19 000, phindu ndi R35 000. Ngati malipiro ake ali pamlingo wa msonkho wa 26 peresenti, msonkho wa chaka chimenecho ndi R9 100, kupatula chiwongoladzanja ndi chindapusa.

Onetsetsani pa bondipo. Ndalama yonse imene banki imadula pamwezi siichotsedwa; chimachotsedwa ndi chiwongoladzanja chokha, ndipo sitetimenti imazilekanitsa. Kukonza chowonongeka kumachotsedwa, koma kumanga chipinda china kapena kuwaka njerwa pabwalo pomwe panali dothi ayi. Sungani malisiti akewo, adzagwira ntchito podzagulitsa nyumba. Dipoziti yomwe mwangoisunga kuti mudzabweze si ndalama yanu. Ndipo ngati ukwati wanu ndi wa chuma chapamodzi, phindulo limagawidwa pakati, aliyense amadulidwa msonkho pa theka lake.

Musathamangire kukonza fomu musanadziwe kuti kalatayo ndi yamtundu wanji. SARS ili ndi njira yodziulula wekha, Voluntary Disclosure Programme, yomwe imachepetsa kwambiri chindapusa komanso imakupulumutsani ku mlandu wa kukhoti, ngakhale msonkho ndi chiwongoladzanja mulipirabe. Koma khomo limeneli nthawi zambiri limatsekeka akakudziwitsani kuti ayamba kukufufuzani, ndipo atha kukana ngati kalatayo yatchula kale lendi yanu. Ngati zaka zosaulula ndi zingapo, ine ndingati pitani ndi kalatayo kwa katswiri wa misonkho wolembetsedwa ku SARS, osati kwa mnyamata wa pa kafe amene amadzazira anthu mafomu. Chindapusa chimatengera momwe aonera khalidwe lanu, ndipo kwa wozemba dala chimatha kufika 200 peresenti ya msonkho wobisidwawo.

Ngati akungopempha kuti mukonze, tsegulani fomu ya msonkho ya ITR12 ya chakacho, dinani Request Correction, yankhani kuti munalandira lendi, ndipo lembani lendi yonse ndi zochotsa m'mabokosi ake. Zikalata zomwe apempha zikwezeni pa eFiling pomwepo, pamodzi ndi pepala losonyeza momwe mwagawira masikweya mita. Ngati lendi munkalandira pamanja, ilembeni ndithu. Wa lendiyo ali ndi mauthenga anu onse a pa WhatsApp omukumbutsa kulipira.

Yankho limabwera pa ITA34, chikalata chosonyeza msonkho womwe akuwerengerani. Akakana zochotsa zanu, muli ndi masiku 80 ogwira ntchito oti mutumize Notice of Objection. Kutsutsa sikuimitsa ngongole; pemphani padera kuti ayambe aimitsa, kapena kuti muzilipira pang'onopang'ono.

Bambo wathu uja phindu lake ladutsa malire a R30 000, choncho kuyambira pano azidzazanso IRP6, fomu ya msonkho wolipiriratu, kawiri pachaka, kumapeto kwa Ogasiti ndi kwa Febuluwale, ndipo malisiti azisunga zaka zisanu.