Malangizo kwa makolo: mwana akamayenda zala zitaloza mkati olo mapazi ali ophwatalala

Awa ndi malangizo a zaumoyo okhudza mapazi a ana amene ayamba kumene kuyenda, tawaika mu Chinyanja kuti amai, atate ndi ambuya amene asunga ana amve bwino. Nkhani yaikulu ndi iyi: ana ambiri a chaka chimodzi mpaka zitatu amene ayenda zala zitayang'ana mkati, olo amene phazi lonse ligunda pansi popanda kampata pakati, sadwala ai, mafupa awo akali kuwongoka ndipo adzawongoka okha. Chimene mufunika kudziwa ndi kusiyanitsa mwana wotere ndi uja amene afunika kuonedwa ndi adokotala a mafupa.

Poyamba onani pamene mwendo wapotokera, chifukwa kuloza mkati kuchokera malo atatu ndipo kulikonse kuli ndi msinkhu wake. Kwa khanda nthawi zambiri ndi phazi lenilenilo, mbali ya kutsogolo imakhotera mkati chifukwa cha mmene anakhalira m'mimba. Gwirani chidendene ndi dzanja limodzi, ndi linalo kankhani pang'onopang'ono mbali ya zala kupita kunja, likawongoka mosavuta ndiye kuti ndi lofewa ndipo ambiri otere amakhala bwino okha asanafike zaka ziwiri. Likakana kuwongoka musalimbane nalo, pitani nalo ku kiliniki mwana akali wa miyezi yochepa chifukwa nthawi imeneyo pulasitala imagwira ntchito bwino.

Mwana wa chaka chimodzi kufika zitatu, kawirikawiri ndi fupa la msongolo limene lazungulira mkati, mawondo ayang'ana kutsogolo bwinobwino koma mapazi okha ndiwo aloza mkati. Izi zimachepa akamakula ndipo ambiri pofika zaka 5 sizioneka kwenikweni. Ndiye pali ena amene zimaonekera kwambiri pakati pa zaka 3 ndi 6, makamaka atsikana, apa kupotoka kuli ku fupa la ntchafu, mawondo ndi mapazi zonse ziloza mkati ndipo mwana akonda kukhala pansi matako ali pakati, miyendo ataipindira kumbuyo mbali ndi mbali. Uku kumatenga nthawi, kumawongoka pofika zaka 8 mpaka 10, nchifukwa chake adokotala sakamba za opaleshoni mwana asanafike msinkhu umenewo, ndipo ngakhale pamenepo ndi ochepa kwambiri amene amaifuna.

Tiyerekeze mwana wa zaka ziwiri amene anayamba kuyenda ali ndi miyezi 13, manje athamanga koma agwaigwa ndipo ambuya ake akuti mwana alemala uyu. Muvuleni nsapato ndi thilauzi, ayende kubwera kwa inu pabwalo posalala, inu maso pa mawondo. Mawondo alunjika kutsogolo, mapazi onse awiri aloza mkati mofanana, satsimphina, salira. Kenaka mugonekeni chafufumimba, pindani mawondo kuti zidendene ziyang'ane kumwamba, muyang'ane kuchokera pamwamba: phazi lokhalo ndi loongoka koma lapendekera mkati poyerekeza ndi ntchafu. Uyu ndi wa msongolo, safunika ekiselo, safunika mankhwala. Mujambuleni kavidiyo pa foni akuyenda, pakapita miyezi 6 mujambulenso pamalo omwewo, chifukwa mwana amene mumuona tsiku ndi tsiku simungazindikire kuti asintha, vidiyo ndiyo idzakuuzani. Kugwaigwa pa zaka ziwiri ndi kwa ana onse, makamaka madzulo akatopa, ndipo akatopa zala zimalozanso mkati kwambiri.

Za mapazi ophwatalala, pafupifupi mwana aliyense amabadwa choncho. Pansi pa phazi pamakhala mafuta ndipo mfundo zimakhala zofewa, kampata kaja kamayamba kuoneka pang'onopang'ono ndipo kwa ambiri kamakhala katapangika pofika zaka 6, ena mpaka 10. Ena amakula nawo choncho mpaka ukulu ngati atate awo, amasewera mpira popanda vuto. Kuyesa kwake nkosavuta, muuzeni anyang'ame kuti atenge chinthu chimene mwachikweza m'mwamba, inu muyang'ane kumbuyo kwake. Kampata kakaoneka ndiye kuti phazi ndi lofewa, palibe chochita. Ngati ndi wamng'ono sangathe kunyang'ama, mukhazikeni pa mpando miyendo ilendewere, olo ataima mukweze chala chachikulu m'mwamba, kampata kazioneka. Phazi limene likhalabe lophwatalala ngakhale anyang'ame, louma, losatheka kulitembenuzira uku ndi uku, limenelo ndi lina ndipo lifunika kuonedwa.

Apa tikambepo za ndalama zimene anthu amataya. Nsapato zolimba zokwera mpaka mu akakolo, tomata mkati mwa nsapato, zitsulo zomanga usiku, zonsezi siziwongola fupa la msongolo olo la ntchafu ndipo sizipanga kampata pa phazi lofewa. Mwana akawongoka anthu amati ndi nsapato zija, pamene akanawongoka ndithu popanda. Kumuveka nsapato mosinthanitsa, ya kumanja kumanzere, chimene muchita ndi kumutulutsa matuza chabe. Kuyenda opanda nsapato pamalo poti palibe minga ndi mabotolo ndi kwabwino, ndipo nsapato ya pa salaula ili bwino malinga ikhale yofewa ndi yomukwana. Amai asaimbidwe mlandu kuti anamubereka kumbuyo kwambiri pa chitenge, zimenezi zimachokera m'mimba ndi ku mtundu.

Manje zimene simufunika kudikira. Ngati vuto lili mwendo umodzi chabe, olo mwana atsimphina, olo mwendo wina uoneka waufupi, akamuone chifukwa nthawi zina vuto limakhala m'chiuno osati ku phazi. Chimodzimodzi ngati adandaula kuwawa, adzuka usiku kulira mwendo, olo mavidiyo aja aonetsa kuti zinthu zikuipiraipira m'malo mochepa. Mwana amene wafika miyezi 18 osayenda, amene miyendo yake ndi youma ndipo ayenda ndi zala zokha nthawi zonse, olo amene anali kuyenda bwino manje wabwerera m'mbuyo, afunika kupimidwa ubongo ndi mitsempha, ndipo muwauze anesi ngati anabadwa masiku osakwana, anachedwa kulira pobadwa, anadwala chikasu chachikulu ali khanda, olo anadwalapo malungo a mu ubongo. Matewe amene akuchulukabe mwana atapitirira zaka ziwiri, makamaka ngati mfundo za m'manja zatupa ndipo sakula bwino pa khadi la sikelo, angakhale matenda a kufewa kwa mafupa. Phazi limene mwana wabadwa nalo litapindikira pansi ndi mkati, louma, silili m'gulu la zowongoka zokha, lifunika pulasitala yosinthidwa sabata ndi sabata kuyambira masabata oyamba.

Ziwiri izi ndi za tsiku lomwelo, osati kudikira tsiku la sikelo: mwana watentha thupi ndipo akana kuponda olo mfundo yatupa, ndi mwana amene mwendo wafooka mwadzidzidzi nkukhala lende.

Yambirani ku kiliniki yapafupi, nyamulani khadi la mwana ndi foni ija ili ndi mavidiyo, mwana avale kabudula kuti mawondo aoneke. Iwo akaona kuti nkofunika adzakulemberani kalata yopita ku chipatala cha boma cha dera lanu kwa a fiziyo, ndipo zimene zifunika akatswiri a mafupa a ana amazitumiza ku zipatala zikuluzikulu monga UTH olo Beit CURE ku Lusaka. Musaiwale kuwauza mwezi umene mwana anayamba kukhala, kukwawa ndi kuyenda, chifukwa funso limenelo adzakufunsani ndithu.