Momwe mungalembere chidziwitso cha mu ofesi pa maimelo onamizira bwana wamkulu

Lachisanu nthawi ili 3 koloko masana, mu ofesi ina ku Ginnery Corner, akauntanti akulandira imelo. Pamwamba pali dzina la a Dailekitala. Uthenga wake ndi waufupi: "Ndili mu msonkhano ku Lilongwe, sindingayankhe foni. Tumizani K8,750,000 ku akaunti ili m'munsiyi banki isanatseke. Mapepala ndidzasaina Lolemba. Musauze aliyense kaye." A Dailekitala alidi ku Lilongwe, ofesi yonse ikudziwa. Wakubayo akudziwanso, poti chithunzi cha msonkhanowo chinaikidwa pa Facebook m'mawa.

Chidziwitso chongonena kuti "samalani ndi maimelo achinyengo" sichimuthandiza akauntanti ameneyu. Iye ndi wosamala kale. Chimene akuopa n'kuoneka wamwano pofunsa bwana kuti, "Kodi ndi inudi mwalemba?" Choncho ntchito yaikulu ya chidziwitso chanu ndi kumupatsa chilolezo, cholembedwa komanso chosainidwa, choimitsa malipiro mpaka atatsimikiza.

Gawo loyamba: gwirizanani lamulo musanalembe kanthu

Khalani pansi anthu atatu: a Dailekitala, mkulu wa zachuma ndi woyang'anira makompyuta. Mugwirizane lamulo limodzi losavuta kukumbukira. Lomwe limagwira ntchito ndi ili: pempho lililonse la ndalama lobwera pa imelo, pa WhatsApp kapena pa meseji silikulipiridwa mpaka wolandirayo atalankhula ndi mwini wake pakamwa, pa nambala yomwe ili kale m'buku la ofesi.

Mawu akuti "yomwe ili kale" musawasiye. Maimelo ambiri otere amakhala ndi nambala ya foni pansi, ndipo mukaimba pamenepo amayankha ndi wakuba yemweyo kapena mnzake. Ena amayamba ndi meseji ya pa WhatsApp yokhala ndi chithunzi cha bwana, yonena kuti "iyi ndi nambala yanga yatsopano". Nambala yobwera ndi pempho siingatsimikize pempholo.

Mugwirizanenso amene aziimbiridwa bwana akapanda kupezeka, monga pamene ali m'ndege kuchokera ku Chileka kapena pa maliro kumudzi komwe netiweki imavuta. Pakapanda munthu wachiwiri, wogwira ntchito amatsala yekha ndi koloko, ndipo amatumiza. Maofesi ena amaika malire akuti zotsimikiza ziyambire pa K1,000,000. Malire otere ndi abwino pa siginecha yachiwiri, koma pa kuimba foni musaike malire. Akuba ena amayamba ndi zazing'ono, mwina K150,000 pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena mayunitsi, kuti aone ngati khomo ndi lotsegula.

Gawo lachiwiri: pezani imelo yeniyeni yosonyeza anthu

Ngati imelo yotere inafikapo kale, ijambuleni, mufufute dzina la amene anailandira, ndipo muiike pa chidziwitsocho. Anthu amazindikira msanga chimene anachionapo ndi maso. Zungulizani ndi cholembera chofiira malo awiri: adiresi ya wotumiza ndi adiresi yolandira yankho. Mkati mwa imelo ya chitsanzo chathu zikuoneka chonchi:

```
From: "Managing Director" <md@kampanlyathu.mw>
Reply-To: md.office.private@gmail.com
```

Adiresi ya kampani ndi kampaniyathu.mw, koma apa chilembo i chalowedwa m'malo ndi l. Pa foni simungachione, makamaka poti mapulogalamu ambiri a pa foni amangoonetsa dzina, adiresi n'kuibisa mpaka mutadina pa dzinalo. Dzina limenelo aliyense angalembe lomwe akufuna, ngati mmene munthu angalembere dzina la wina kumbuyo kwa envelopu. Mzere wa Reply-To ndi umene umanena kumene yankho lanu lipite. Mukadina Reply n'kuona adiresi ina ikutulukira, imani pomwepo.

Woyang'anira makompyuta angaone zambiri. Mu Gmail adine timadontho titatu pafupi ndi Reply, asankhe Show original, ndipo aona ngati SPF, DKIM ndi DMARC, zomwe zimayeza ngati imelo yachokeradi kumene ikunena, zalembedwa PASS kapena FAIL. Mu Outlook ya pa kompyuta atsegule imeloyo, apite pa File, kenako Properties, aone bokosi la Internet headers. Izi musazilembe m'chidziwitso cha anthu onse, zingowasokoneza. Komanso PASS sikutanthauza kuti imelo ndi yoona, chifukwa wakuba amene walembetsa adiresi yake yofananira angathenso kupeza PASS.

Pali mtundu wina woopsa kuposa apa, ndipo ndi chifukwa chake lamulo la foni liyenera kukhala pamwamba pa zizindikiro zonse. Nthawi zina wakuba amaba pasiwedi ya bwana n'kulowa mu imelo yawo yeniyeni. Amakhalamo mwakachetechete masabata angapo, kuwerenga mmene bwana amalembera, amene amawapatsa moni wa "Achimwene" ndi amene amawatchula ndi udindo, ndi masapulaya omwe akudikira malipiro. Akalemba, adiresi imakhala yolondola chilembo ndi chilembo. Kawirikawiri amaikanso lamulo mu bokosi la imelo la bwana loti mayankho ochokera kwa a ku akaunti azibisika mufoda ina, bwana asawaone. Pamenepa wogwira ntchito akayankha imelo kufunsa ngati ndi zoona, amalandira "Inde, ndi ine, fulumirani". Chidziwitso chinene poyera kuti kuyankha imelo si kutsimikiza.

Gawo lachitatu: lembani, tsamba limodzi basi

Lamulo likhale pamwamba, zizindikiro pambuyo. Chitsanzo chake nachi, chomwe mungasinthe malinga ndi ofesi yanu:

Kwa ogwira ntchito nonse,

Pakubwera maimelo ndi mauthenga a pa WhatsApp okhala ndi dzina langa, opempha kuti mutumize ndalama mwachangu. Si ine ndikulemba. Ine sindidzakupemphani kutumiza ndalama, kugula mayunitsi kapena kusintha akaunti ya sapulaya kudzera pa uthenga wokha, ndipo sindidzakuuzani kuti mubisire anzanu a ku akaunti.

Mukalandira pempho lotere, musayankhe, musadine linki, musatsegule chomata. Ndiimbireni pa nambala yomwe ili pa mndandanda wa ofesi. Ndikapanda kuyankha, imbirani mkulu wa zachuma. Tonse tikapanda kupezeka, ndalama isatuluke, ngakhale uthengawo ukunena kuti katundu agwidwa kapena kontirakiti itayika.

Palibe amene adzadzudzulidwe chifukwa chochedwetsa malipiro pofuna kutsimikiza. Ngati mwatumiza kale kapena mwalemba pasiwedi yanu penapake, nenani nthawi yomweyo, usiku kapena Loweruka. Amene wanena msanga watithandiza.

Pansi pake muike manambala awiri aja, dzina la wolandira madandaulo, deti ndi siginecha.

Ndime yachitatuyo ndi imene mabwana ena amafuna kuichotsa, poganiza kuti ikupatsa anthu ufulu wolakwitsa. Isachoke. Munthu amene watumiza K8,750,000 Lachisanu n'kuyamba kukayika ali mu minibasi yopita ku Ndirande, akaopa kuchotsedwa ntchito amakhala chete mpaka Lolemba. Pofika Lolembalo ndalama zija zagawidwa m'maakaunti angapo, zina zapita m'mafoni n'kutapidwa kwa maejenti.

Musatchule dzina la amene anapusitsidwapo, ngakhale mongozungulira. Mu ofesi ya anthu makumi awiri aliyense adziwa, ndipo wotsatira sadzanena. Ngati ofesi yanu imalemba m'Chingerezi, lembani ziwiri, china m'Chichewa. Mesenjala, dalaivala ndi wa pa risepishoni nawonso amalandira mauthenga ofunsa kuti, "Bwana ali kuti lero? Amalipira masapulaya ndani?" Mayankho a mafunso amenewa ndi amene wakuba amamangira nkhani yake.

Gawo lachinayi: asaine ndi mwini dzina

Chidziwitso chochokera kwa a makompyuta chimawerengedwa ngati nkhani ya makompyuta. Dzina limene likubedwa ndi la a Dailekitala, choncho asaine okha ndi cholembera, ndipo akachinene ndi pakamwa pawo pa msonkhano wa Lolemba m'mawa. Kenako asunge lonjezo. Akadzaimbiridwa ali pakati pa msonkhano n'kuyankha mokalipa kuti "Simunaone imelo yanga?", lamulo lafa tsiku lomwelo. Akhalenso oyamba kusiya chizolowezi cholamula malipiro pa WhatsApp popanda vocha ndi invoisi, chifukwa pempho labodza limabisala bwino pakati pa mapempho enieni osatsata ndondomeko.

Gawo lachisanu: kufalitsa

Musadalire imelo yokha, poti ngati bokosi la wina lalowedwa, wakuba awerenga nawo. Matani pepala pa bolodi, lina pafupi ndi kompyuta yomwe amalipirira, ndipo nthambi za ku Limbe kapena ku Makata zilandire lawo. Onse okhudza ndalama asaine kuti awerenga. Wolembedwa ntchito chatsopano alipeze m'mapepala a tsiku loyamba, chifukwa iye sadziwa mawu a bwana ndipo amafunitsitsa kuoneka wachangu. Likumbutseninso kumapeto a mwezi pa nthawi ya malipiro, mu Disembala ofesi isanatseke, ndi nthawi iliyonse bwana akamapita kunja.

Auzeni anthu mmene angaperekere imelo yokayikitsa. Asaifufute, ndipo asangodina Forward, chifukwa zambiri za m'kati zosonyeza kumene yachokera zimatayika. Agwiritse ntchito Forward as attachment, yomwe ili mu Gmail ndi mu Outlook momwe.

Ndalama zikatuluka kale

Gawo ili likhale pa pepala lapadera la a ku akaunti. Choyamba ndi foni ku banki yanu, osati imelo, kuwauza kuti malipirowo ndi achinyengo ndipo alumikizane ndi banki yolandira kuti aimitse ndalamazo. Khalani ndi nambala ya malipiro, nthawi yake, kuchuluka kwake ndi akaunti yolandira musanaimbe. Kalata yosainidwa itsatire ola lomwelo. Ngati zapita pa foni, imbirani kampani ya foniyo ndi nambala ya tiranzakishoni ili pa meseji. Kubweza sikotsimikizika, ndipo mwayi umachepa ola lililonse.

Kenako kanenani ku polisi, ku nthambi yofufuza milandu ya zachuma, mutanyamula imelo yosindikizidwa ndi umboni wa ku banki. Dziwitsaninso Malawi CERT, nthambi ya pansi pa MACRA yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Panthawi yomweyo woyang'anira makompyuta asinthe pasiwedi ya a Dailekitala ndi ya a ku akaunti, atulutse zipangizo zonse zomwe zalowa m'maakauntiwo, ayatse chitetezo chofuna khodi ya pa foni polowa, ndipo afufuze malamulo obisa kapena kutumiza maimelo kwina omwe mwini bokosi sanaike. Akangosintha pasiwedi n'kusiya lamulo lotumiza kwinalo, wakuba apitiriza kulandira makalata anu. Ngati zapezeka kuti bokosi linalowedwadi, imbiraninso masapulaya ndi makasitomala amene anali ndi mainvoisi m'menemo, chifukwa mwina nawonso alandira kale kalata ya dzina lanu yowauza kuti akaunti yanu ya ku banki yasintha.