Momwe mungaongolere duku ndi kolala, ndi kuchotsa makwinya a chovala pa chithunzi

Mwezi wa Okutobala mayi wina amene anachokera ku Katete pa minibasi anabwera kudzajambulitsa pa phwando la mwana wa mng'ono wake kuno ku Kapata. Chithunzi chinatuluka bwino kumaso, koma bulauzi yoyera inali itakwinyika pachifuwa ndi paphewa chifukwa chopanikizana m'galimoto, nsonga imodzi ya kolala inali itapindikira mkati, ndipo duku la chitenje linali litatsetserekera kumanzere mpaka kuphimba theka la khutu. Ana ake ankafuna chithunzicho chikhale chachikulu, choika mu furemu pabalaza. Ndigwiritsa ntchito chithunzi chimenechi pofotokoza, ndipo mayina a zida ndi a mu Photoshop. Amene alibe Photoshop angatsegule Photopea pa intaneti, ndi yaulere ndipo zambiri zili malo omwewo. Anyamata oyenda ndi mafulashi amene amati akuikirani Photoshop pa mtengo wa mbale ya nsima muziwapewa, ine laputopu yanga inadwala mavairasi nditawakhulupirira, ndipo zithunzi za maukwati awiri zinapita.

Choyamba pemphani chithunzi chenicheni. Ngati kasitomala akutumiza pa WhatsApp, achitumize ngati Document, chifukwa chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafinyidwa, ulusi wa nsalu umafafanizika ndipo mulibe chogwirapo. Mukatsegula, dinani Ctrl+J kuti chithunzi chikoperedwe pa leya ina pamwamba, leya yoyamba ikhale yosakhudzidwa, ndipo sungani ngati PSD, fayilo ya Photoshop yosunga maleya onse, pompo, magetsi asanathime.

Yambani ndi kuongola, makwinya abwere pambuyo. Mukayamba kusalaza kenako n'kumakankha kolala, ntchito yonse ija imapindika nayo ndipo mubwerezanso.

Pa duku ndi pamene ndinapsa, ndiye ndichedwapo. Ulendo woyamba ndinatsegula Filter > Liquify, ndinatenga Forward Warp Tool, n'kuyamba kukankhira duku m'mwamba kuchokera pakhutu. Pa sikirini ya laputopu zinkaoneka bwino ndithu. Chithunzi chitapulintidwa chachikulu, mwana wamkulu wa mayiyo anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anati, "Achimwene, khutu la amayi silotalika chonchi. Ndipo maluwa a duku ili ine ndimawadziwa, ndinagula ndine ku Saturday Market, ndi ozungulira." Zinalidi choncho. Maluwa ozungulira anali atasanduka ngati mazira, khutu litakokeka, ndipo mzere wa njerwa kumbuyo kwa mutu unali utakhota ngati njoka. Liquify sadziwa kuti apa ndi nsalu, apa ndi khungu, apa ndi khoma. Amakoka chilichonse chimene chili pansi pa burashi ngati mphira. Ndinapulintanso ndi ndalama zanga, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa banjalo linandikhulupirira ndi nkhope ya mayi awo.

Duku lomwe latsetsereka silinasinthe maonekedwe ake, langopendekeka pamutu. Choncho liyenera kuzunguzidwa lonse pamodzi, monga mmene mayi amachitira pagalasi akaligwira ndi manja awiri. Lidulireni ndi Pen Tool kuzungulira m'mphepete mwake monse, kuphatikizapo mfundo ndi nsonga zolendewera kumbuyo. Posandutsa mzerewo kukhala chosankhidwa ikani Feather Radius pa 1, kapena 2 ngati chithunzi ndi chachikulu. Dinani Ctrl+J kuti duku likhale pa leya yakeyake, kenako Ctrl+T. Kachizindikiro kapakati kamene chinthu chimazungulirapo kakokereni pamphumi, pakati pa nsidze m'mwamba pang'ono, chifukwa mukakasiya pakati pa bokosi duku limayandama kuchoka pamutu. Ngati kachizindikirako sikakuoneka, pali kabokosi kochonga kumtunda kumanzere kamene kamakaonetsa. Pa chithunzi cha mayi a ku Katete madigiri 5 anakwanira. Ine sindipitirira madigiri 8 kapena 10, chifukwa kupitirira apo mumavundukula tsitsi ndi khutu zimene kamera sinajambule, ndipo mumayamba kupeka munthu.

Mukazunguza muona duku lakale likusuzumira pansi pa latsopano. Pangani leya yopanda kanthu pansi pa leya ya duku, tengani Clone Stamp Tool, ikani Sample pa Current & Below, ndipo fufutani lakalelo potengera khoma lomwe lili pafupi. Ngati kumbuyo kuli njerwa kapena zenera, potenga chitsanzo ndi Alt dinani pamzere penipeni, ndipo poyamba kupaka yambirani pamzere womwewo, kuti mizere ikumane. Ichi ndi chifukwa chake ndinasiya kujambula anthu patsogolo pa njerwa, nsalu yosalemba yopachika kumbuyo imapulumutsa ola lathunthu.

Mbali ya khutu imene inaphimbidwa ndinaitenga pa chithunzi china cha mayi yemweyo chimene ndinajambula mphindi yomweyo atatembenuka pang'ono. Kukopera khutu la mbali inayo n'kulitembenuza kumatheka, koma makutu a munthu safanana kwenikweni, ndipo achibale amazindikira msanga kuposa mmene mungaganizire. Ngati mulibe chithunzi chachiwiri, chepetsani madigiri, duku liphimbebe nsonga ya khutu.

Chimene ambiri amaiwala ndi mthunzi. Duku lenileni limaponya kamthunzi kopyapyala pamphumi. Mukalisuntha, kamthunzi kakale kamatsala poyera ngati mzere wa litsiro, ndipo m'mphepete mwatsopano mumakhala mowala ngati mwamata pepala. Kakaleko kafufuteni ndi Healing Brush Tool. Katsopano kajambuleni pa leya ya Multiply yomwe ili pansi pa duku, ndi burashi yofewa, Flow 5%, mtundu wake mutatenga pamthunzi wa pansi pa chibwano cha munthu yemweyo, osati wakuda bii. Mukachepetsa chithunzi mpaka kukhala ngati bokosi la machesi n'kuona kuti duku likuoneka lomangidwa pamutu, mwakhoza.

Liquify sindinamutaye. Ndi wabwino pa kaphiri kakang'ono kotukuka m'mphepete mwa duku kapena paphewa. Koma musanakankhe pakani Freeze Mask Tool pankhope, pakhutu ndi pamizere ya kumbuyo, pamene pafiira sipasuntha. Burashi ikhale yokulirapo kuposa chimene mukukankha, ndipo muzikankha pang'onopang'ono kangapo, osati kamodzi mwamphamvu.

Kolala ndi yosavuta. Ngati yangopendekeka, iduleni monga tinachitira duku, Ctrl+T, dinani kumanja kwa mausi musankhe Warp, kokani nsonga ibwere pamalo pake. Ngati nsonga yapindikira mkati monga ya mayi aja, palibe choti muongole chifukwa sikuoneka. Koperani nsonga yabwinoyo, Edit > Transform > Flip Horizontal, muyike mbali inayo ndi kuipendeketsa mogwirizana ndi phewa. Yang'anani kumene kuwala kunachokera. Pa chithunzi chathu dzuwa linali kumanja, ndiye nsonga yokoperayo inafika kumanzere ikuwala mopitirira, ndipo mthunzi wake unagwera mbali yolakwika. Ndinaidetsa pang'ono ndi Curves n'kujambulanso mthunzi. Batani kapena kabowo kake musakopere nawo.

Tsopano makwinya. Khwinya pa chithunzi ndi mizere iwiri yoyandikana, wina wowala, wina wamthunzi. Mukafananitsa kuwala kwa mizere iwiriyo khwinya latha, ndipo ulusi wa nsalu suyenera kukhudzidwa. Amene amapaka Blur Tool pachovala amapha ulusi, malaya n'kumaoneka ngati pepala la pulasitiki la shuga.

Pa nsalu ya mtundu umodzi monga bulauzi yoyera timalekanitsa ulusi ndi kuwala. Dinani Ctrl+Alt+Shift+E kuti zonse zimene mwachita zikhale pa leya imodzi yatsopano, kenako Ctrl+J kuti zikhale ziwiri. Yapansi ipatseni Filter > Blur > Gaussian Blur, muzikweza Radius mpaka ulusi usowe koma makwinya azionekabe. Pa chithunzi cha kamera cha mapikiselo 6000 mlitali kwa ine imagwera pakati pa 6 ndi 10. Sankhani leya yapamwamba, pitani ku Image > Apply Image, pa Layer sankhani yapansi ija, ndipo ngati chithunzi ndi cha 8-bit lembani izi:

```
Blending: Subtract
Scale: 2
Offset: 128
```

Leyayo isanduka yotuwa. Isintheni ikhale Linear Light ndipo chithunzi chibwerera mwakale ndendende. Ngati sichinabwerere, mwasankha leya yolakwika pa Apply Image. Bwererani pa leya yapansi, tengani Mixer Brush Tool yosatenga utoto, Wet, Load, Mix ndi Flow zonse pafupi ndi 30, Sample All Layers osachonga. Pakani motsatira mmene nsalu yagwera, ngati mukusita ndi nsimbi, osati mozungulirazungulira. Mzere wakuthwa wotsala uli pa leya yapamwamba, uchotseni ndi Clone Stamp Tool itaikidwa pa Current Layer. Pafupi ndi msoko ndi mabatani musafike, mtundu umathimbirira.

Makwinya onse sachotsedwa. A m'khwapa, a pachigongono ndi amene amatsika kuchokera paphewa amasonyeza kuti m'chovalamo muli thupi. Chotsani odutsa mopingasa, obwera chifukwa chopinda zovala m'chikwama kapena kukhalira. Pa duku mapindo ndiwo kamangidwe kake, mayi anawapanga dala, asiyeni.

Pa chitenje njira imeneyi siigwira, imasakaniza chofiira ndi chachikasu n'kupanga matope. Apo pangani leya yatsopano ya Soft Light yodzazidwa ndi 50% gray, pakani zoyera pamzere wamthunzi ndi zakuda pamzere wowala, Flow 2 kapena 3%. Zimachedwa, n'chifukwa chake pa chovala cha chitenje ndimawonjezera mtengo ndipo ndimauziratu kasitomala. Pa foni, Healing ya mu Snapseed imathandiza kakhwinya kamodzi pa malaya osalemba, koma pa chitenje imabwereza maluwa pamene panalibe.

Potsiriza zimitsani ndi kuyatsa maleya kangapo muone ngati nkhope yasuntha paliponse, siyenera kusuntha. Sungani JPEG yapamwamba. Musanalipire chachikulu pulintani kaye kakang'ono, chifukwa malo ena otchipa amathira inki yosadziwika ndipo bulauzi yoyera imatuluka yobiriwira, mithunzi imene munasalaza n'kuonekanso ngati zigamba. Cha mayi a ku Katete ndinachiyesa kawiri pa pepala laling'ono, chachitatu ndi chimene chinalowa mu furemu.