Malipiro a antchito: kuwerengera penshoni ndi msonkho osasokoneza ndondomeko

Olemba ntchito ambiri amene ali ndi antchito atatu, asanu kapena khumi amawerengera malipiro kuyambira kumapeto. Amayamba ndi ndalama zimene akufuna kuti munthu alandire m'manja, kenako n'kumafunafuna kuti msonkho ndi penshoni zichokera kuti. Mavuto ambiri a malipiro amabadwira pamenepa. Njira yosavutitsa ndi yoyambira pamwamba, pa malipiro onse asanadulidwe kanthu, n'kumatsika gawo ndi gawo mwa ndondomeko imodzimodzi mwezi uliwonse.

Musanagwire cholembera, khalani ndi zinthu zitatu patebulo: mgwirizano wa ntchito wa munthu aliyense, kaundula wa masiku ndi maola amene wagwira mwezi umenewo, ndi mndandanda wa magawo a msonkho ndi mapelesenti a penshoni amene akugwira ntchito chaka chimenecho. Mndandandawu muutenge ku bungwe lotolera msonkho ndi ku kampani yosunga penshoni, osati kwa mnzanu wa bizinesi. Manambalawa amasiyana dziko ndi dziko, ndiponso boma limawasintha, kawirikawiri pamene lalengeza bajeti yatsopano. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi achitsanzo chabe, oti muone kayendedwe ka masamu. Inu muikapo a kwanu.

Titenge wantchito mmodzi amene malipiro ake a pamwezi ndi 300,000, ndipo mwezi uno wagwira ovataimu ya 40,000. Pakati pa mwezi anatenga adivansi ya 20,000. Malipiro ake onse ndi 340,000. Adivansi ija musaichotse panopa ayi. Ndi gawo la malipiro lomwe analandiratu, choncho msonkho ndi penshoni ziwerengedwa ngati kuti sanatenge kanthu. Amene amayamba ndi kuchotsa adivansi amachepetsa msonkho mosadziwa, ndipo ngongole yake imakhala pa iwo eni.

Kenako pakubwera penshoni, ndipo funso loyamba ndi lakuti: ikuwerengedwa pa ndalama ziti? Si nthawi zonse pamene imawerengedwa pa malipiro onse. Malamulo ambiri amatchula ndalama zimene zimalowa m'masamu a penshoni ndi zimene sizilowa, ndipo zinthu zosakhazikika monga ovataimu ndi bonasi nthawi zambiri zimasiyidwa kunja. M'chitsanzo chathu tinene kuti penshoni ikuwerengedwa pa 300,000 yokha, wantchito akusonkha 5 pelesenti ndipo wolemba ntchito akusonkha 10 pelesenti. Gawo la wantchito ndi 15,000. Gawo lanu ndi 30,000.

Apa ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa m'pamene antchito amapwetekeka kwambiri. Ndalama zimene zimadulidwa pa malipiro a munthu ndi 15,000 yokha basi. 30,000 ija ndi yochokera m'thumba la bizinesi, yowonjezera pamwamba pa malipiro. Alipo abwana ena amene amaphatikiza zonse n'kudula 45,000 kwa wantchito, ena mwadala, ena chifukwa choona kuti kampani ya penshoni ikufuna 45,000 ndiye akuganiza kuti yonseyo ndi ya wantchito. Kaya n'chifukwa chiti, munthuyo walandidwa 30,000 mwezi umenewo, ndipo pa chaka ikwana 360,000, kuposa malipiro ake a mwezi wathunthu. Kuzindikira kwake n'kosavuta: gawani ndalama zodulidwazo ndi malipiro okhazikika. Mukapeza nambala yoposa pelesenti ya wantchito, ndipo iye sanasainire kuti azisonkha zowonjezera mwa kufuna kwake, dziwani kuti palakwika.

Tsopano msonkho. Musanauwerengere, fufuzani ngati lamulo la kwanu limalola kuchotsa gawo la penshoni la wantchito msonkho usanawerengedwe. Mayiko ena amalola, ena salola, ena amalola mpaka pa mlingo winawake. Ife tinene kuti limalola. Ndiye ndalama zoti zikhomedwe msonkho ndi 340,000 kuchotsa 15,000, kutsala 325,000. Onani kuti ovataimu ija, ngakhale sinalowe m'masamu a penshoni, m'masamu a msonkho yalowa.

Msonkho wa pa malipiro umakhala wa m'magawo, ndipo gawo lililonse limakhomedwa pelesenti yakeyake. Tiyerekeze kuti 100,000 yoyamba ilibe msonkho, ndalama zochokera pamenepo kufika 300,000 zikhomedwa 20 pelesenti, ndipo zopitirira 300,000 zikhomedwa 30 pelesenti. Pa 325,000 ya wantchito wathu, 100,000 yoyamba ikudutsa yosakhudzidwa. 200,000 yotsatira ikupereka 40,000. Yotsala ndi 25,000 yokha, ndipo imeneyi ndiyo ikukhomedwa 30 pelesenti, kupereka 7,500. Msonkho wonse ndi 47,500.

Cholakwika chofala ndi kuona kuti munthuyu wafika m'gawo la 30 pelesenti, basi n'kuchulukitsa 325,000 yonse ndi 30 pelesenti. Zimenezo zikupatsani 97,500, kutanthauza kuti mwamudula 50,000 yosayenera. Ndiye mumamva antchito akukana ovataimu, ati ukagwira zambiri umalandira zochepa. Masamu akayenda bwino zimenezo sizingachitike, chifukwa pelesenti yokwerayo imagwira ndalama zokhazo zimene zadutsa malire. Wantchito akadandaula kuti anamukwezera malipiro koma za m'manja zatsika, musamutsutse msanga. Bwererani pa pepala, muone kawerengedwe ka magawo.

Kukanakhala kuti lamulo silikulola kuchotsa penshoni kaye, msonkho ukanawerengedwa pa 340,000 yonse n'kukwana 52,000. Kusiyana kwake ndi 4,500 pa munthu mmodzi pa mwezi umodzi. Ikuoneka yochepa, koma mukalakwitsa kwa antchito asanu kwa zaka ziwiri, bungwe la msonkho lidzafuna ndalamazo kwa inu wolemba ntchito, pamodzi ndi chindapusa, ndipo ena mwa antchitowo adzakhala atachoka kalekale.

Zodulidwa za lamulo zikatha m'pamene mumachotsa zina zonse monga adivansi, ngongole ya pantchito kapena zosonkha za bungwe la antchito. Zimenezi zikhale ndi pepala limene mwiniwake anasaina, ndipo m'mayiko ambiri muli malire a ndalama zimene mungadule pa mwezi umodzi. Kwa wantchito wathu, 340,000 kuchotsa 15,000 ya penshoni, 47,500 ya msonkho ndi 20,000 ya adivansi, zotsala ndi 257,500. Imeneyi ndiyo yopita ku akaunti yake.

Ntchito sinathe. Kutha kwa mwezi muli ndi malo atatu olipira, osati amodzi. Wantchito alandira 257,500. Bungwe la msonkho lilandira 47,500. Kampani ya penshoni ilandira 45,000, yomwe ndi 15,000 ya wantchito kuphatikiza 30,000 yanu. Zonse pamodzi ndi 350,000, ndipo mukawonjezera adivansi ya 20,000 imene inatuluka kale, zikukwana 370,000. Tsopano yesani njira ina: malipiro onse, 340,000, kuphatikiza gawo lanu la penshoni, 30,000. Mukupezanso 370,000. Manambala awiriwa azifanana mwezi uliwonse, kwa munthu aliyense komanso kwa antchito onse pamodzi. Akapanda kufanana musalipire kaye. Nthawi zambiri mupeza kuti adivansi yachotsedwa kawiri, kapena gawo lanu la penshoni laiwalika. Kumene kuli zolipira zina za lamulo zimene zimagwera wolemba ntchito, monga za maphunziro a ntchito zamanja kapena inshulansi ya ngozi za pantchito, ziwonjezereni mbali zonse ziwiri.

Nambala ya 370,000 imeneyi ndiyo mtengo weniweni wa wantchitoyu mwezi umenewu, ndipo ndiyo yoyenera kukhala m'mutu mwanu polemba munthu watsopano. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mgwirizano uzitchula malipiro asanadulidwe kanthu. Mukangouza munthu kuti azilandira 300,000 m'manja, mwadzisenzetsa msonkho wake ndi penshoni yake. Pa manambala a chitsanzo chathu, kuti atsale ndi 300,000 malipiro ake ayenera kukhala pafupifupi 376,000, ndipo mukaikapo gawo lanu la penshoni mukhala mukutulutsa pafupifupi 413,500 mwezi uliwonse. Msonkho ukadzakwera, wokwezeredwa ndinu. Ngati mwagwirizana kale za m'manja, werengerani chobwerera mpaka mupeze malipiro onse, muwalembe mu mgwirizano, nonse musaine.

Chimene chimagwetsa mabizinesi ang'onoang'ono ambiri si masamu ayi, koma masiku a pakati pa kudula ndi kutumiza. Antchito alandira pa mapeto a mwezi, koma msonkho ndi penshoni zimaloledwa kutumizidwa masiku angapo pambuyo pake, malinga ndi tsiku limene lamulo linaika. Pa masiku amenewo 92,500 ya wantchito wathu ikungokhala mu akaunti ya bizinesi, ndipo imaoneka ngati yanu. Katundu akatha pa shelefu, mtima umati ndibwerekeko, ndibweza sabata yamawa. Mwezi wotsatira mumapezeka muli ndi ngongole ya miyezi iwiri, ndipo chindapusa chayamba kukwera. Ndalama zimenezi ndi zosungitsidwa kwa inu. Penshoni ikachedwa, wantchito amataya phindu limene ikanabereka kumene imasungidwa, ndipo akamwalira kapena kuchoka ntchito, banja lake limakapeza ndalama zoperewera pa nthawi imene likuzifuna kwambiri. Njira yodzitetezera ndi kutumiza zonse zitatu tsiku limodzi. Zikavuta, tsegulani akaunti ina yoti ndalamazi zizipita tsiku lolipira lomwelo, yopanda khadi lotapira.

Potumiza penshoni, musatumize ndalama zokha. Pazikhala mndandanda wa mayina, nambala ya umembala ya aliyense, malipiro amene mwawerengerapo, gawo la wantchito ndi gawo lanu, mzere uliwonse paokha. Popanda mndandandawu kampani ya penshoni imalandira ndalama koma sidziwa kuti iike kwa yani, ndiye zimakhala padera osalowa mu akaunti ya munthu aliyense. Inu muli ndi risiti, koma wantchito akakafunsa amauzidwa kuti mwezi umenewo simunalipire. Wantchito watsopano mulembetseni mwezi woyamba womwewo kuti apeze nambala yake, ndipo amene wachoka mudziwitse kampaniyo tsiku limene wachokera.

Wantchito aliyense mupatseni pepala la malipiro losonyeza mizere yonse imene tadutsamoyi, kuphatikizapo 30,000 yanu ija ngakhale siikudulidwa kwa iye, kuti adziwe zimene ayenera kupeza ku penshoni. Kope lake sungani pamodzi ndi marisiti a msonkho ndi a penshoni a mwezi womwewo, kwa zaka zimene lamulo la msonkho limafuna. Ndipo sitetimenti ya penshoni ikabwera, khalani pansi ndi munthuyo muwerenge limodzi. Ngati malipiro ake okhazikika sanasinthe chaka chonse, payenera kuoneka 45,000 mwezi uliwonse, yomwe pa miyezi 12 ikukwana 540,000. Mwezi umene sukuoneka, tengani risiti ndi mndandanda wa mwezi umenewo mupite nazo ku kampaniyo sabata yomweyo, mapepala asanasokonekere.