Mtengo wa nandolo ukuthawa mu fomula zanu

Nyengo ino yogulitsa nandolo ndayendera magulu angapo a alimi ku Lunzu ndi ku Chileka, ndipo vuto lomwe ndalipeza pa makompyuta a alembi ndi limodzimodzi. Mlembi amalemba fomula yolondola pa mzere woyamba wa Excel, amaikoka mpaka pansi, n'kuyamba kulipira anthu osayang'ananso. Ndalama za alimi zikutayikira pomwepo.

Nachi chimene ndinaona pa gulu lina. Mtengo wa kilogalamu imodzi, tinene K800, unali m'kabokosi ka B1. Mzere wachiwiri unali wopanda kanthu, wachitatu unali wa mitu, ndipo makilogalamu a alimi anayambira pa B4 kutsika. Pa C4 mlembi analemba:

```
=B4*B1
```

Mlimi woyamba anabweretsa makilogalamu 50, yankho linatuluka K40,000, zoona ndithu. Koma Excel sasunga dzina la B1 monga mmene inu mumaganizira. Chomwe amasunga ndi mtunda: kabokosi kamene kali mizere itatu pamwamba. Ndiye mukatsitsa fomula mzere umodzi, nayenso amatsika mzere umodzi. Pa C5 fomula inasanduka B5 kuchulukitsa ndi B2, ndipo poti B2 mulibe kanthu, mlimi wa makilogalamu 120 anapatsidwa 0. Pa C6 inakagwira mutu wolembedwa m'mawu pa B3, n'kutulutsa #VALUE!.

Ziwirizi sizindidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa zimaonekera patali. Choopsa chili pa C7. Apa fomula yafika pa B7 kuchulukitsa ndi B4, kutanthauza makilogalamu a mlimi wachinayi kuchulukitsa ndi makilogalamu a mlimi woyamba. 200 kuchulukitsa ndi 50 ndi 10,000. Nambala yooneka bwinobwino, yopanda chenjezo lililonse, pamene munthuyo amayenera kulandira K160,000. Kuchokera pamenepo mpaka pansi, mzere uliwonse ukuchulukitsa katundu wa munthu ndi katundu wa mnzake, mtengo unatsala kalekale kumwamba.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mmene alembi amakonzera. Akaona 0 ndi #VALUE! amatenga kakyuleta ya pafoni, kuwerengera pamanja, n'kulemba yankho pamwamba pa fomula. Mizere iwiri yokuwa ija yatonthola, yodwala mwakachetechete yatsala. Ena amati kuti zisavute alembe 800 m'kati mwa fomula momwemo. Nanga mawa ogula a ku Limbe akasintha mtengo, mudzatsegula mizere 90 umodziumodzi? Mudzaiwalapo ingapo, ndipo alimi awiri obweretsa katundu wofanana adzalandira ndalama zosiyana. Chizolowezi cha m'kope chimenechi tisiye, abale.

Mayi wina wa ku Lunzu ndiye anavumbula nkhaniyi pa gulu lija. Kompyuta saidziwa, koma matumba ake anayi a makilogalamu 50 anawanyamula yekha pa njinga ya kabaza. Atamva ndalama yake anati, "Alangizi, matumba anayi angachepe mtengo kuposa thumba limodzi la anzangawa? Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma apa ayi." Anakana kusayina. Mlembi, mnyamata wakhama ndithu, anaumirira kuti kompyuta silakwitsa, mpaka tinadina C7 n'kuona B4 ili pamalo pa mtengo. Anthu awiri anali atapita kale kwawo ndi ndalama zoperewera, ndipo panafunika kuwatsatira madzulo omwewo. Mawu oti mlembi ndi wakuba anali atayamba kale kuyenda, chonsecho sanatenge ngakhale tambala.

Mankhwala ake ndi chizindikiro cha dola. Pa C4 lembani chonchi, kenako kokaninso mpaka pansi kuti ifufute zonse zolembedwa pamanja zija:

```
=B4*$B$1
```

Dola ya kutsogolo kwa B imamanga kolamu, ya kutsogolo kwa 1 imamanga mzere, choncho mtengo sukusunthanso. Polemba, mukafika pa B1 dinani F4 ndipo madola alowa okha; pa malaputopu ena muyenera kugwira Fn pamodzi ndi F4. B4 yokha musaimange, chifukwa imeneyo iyenera kutsika ndi mlimi aliyense. Mukamanga B4 ndi B1 zonse ziwiri, aliyense alandira K40,000 ya munthu woyamba.

Musanatulutse ndalama, pitani pa fomula yotsiriza ya m'kolamu C, dinani F2, muone ngati kamodzi mwa timabokosi tiwiri towala ndi mtundu kali pa B1. Kenako phatikizani makilogalamu onse, muchulukitse ndi mtengo, muyerekeze ndi chiwerengero cha kolamu C.